Mmene ndinathetsera vuto la makina ochapira zovala ongozima okha

Makina anga ochapira ankangozima ali mkati mochapa, makamaka madzulo, kenako n'kuyambiranso. Ndinali nditawalumikiza ku chotchinjiriza chotchipa chija chotchedwa seji purotekita, choncho magetsi sindinawakayikire. Ndinkaganiza kuti mota yatopa.

Ndinabwereka mita yoyezera magetsi n'kuyeza pa soketi. Masana inawerenga mavoti 228, madzulo 182, pomwe makinawo amafuna 220 mpaka 240. Pomwepo ndinazindikira kuti chotchinjirizacho sichingandithandize. Ntchito yake n'kumeza mphamvu yobwera modzidzimutsa, monga ya mphezi kapena ya magetsi akamayaka atazima. Mavoti akatsika chimangoyang'ana, pomwe mota ikukoka magetsi ochuluka n'kumatentha.

Chinkafunika ndi sitabilaiza, yomwe imakweza kapena kutsitsa mavoti. Apa ndiye ambiri amaphonya, amagula yaing'ono. Pa kapepala ka kumbuyo kwa makina analemba mawati 2,200, ndipo ambiri mwa iwo amadyedwa ndi chotenthetsera madzi. Ndinagula yaikulu ya 5 kVA, womwe ndi muyeso wa mphamvu imene sitabilaiza imatha kupereka, chifukwa mota imakoka kwambiri poyamba kuzungulira, komanso sitabilaiza sipereka mphamvu yake yonse mavoti olowa akatsika. Ndinaonetsetsa kuti imalandira kuyambira mavoti 140 ndiponso imadikira kaye magetsi akabwera isanayatse makina.

Ndinaiika pa shelefu patali ndi madzi, n'kusintha chotchinjiriza chakale chomwe kanyali kake kanali katazima kalekale. Wamagetsi anatsimikiza kuti waya wa efi, wotaya pansi magetsi osokera, ndi wolumikizidwa. Tsopano madzulo ndimangomva sitabilaiza ikuti thethe, makina akuchapa mpaka kumaliza.