Momwe mungayankhire kasitomala akatumiza uthenga wosamveka

Tinene kuti mumagulitsa zipangizo zaulimi, ndipo pa foni yanu ya mabatani pafika SMS yoti: "Mundisungire feteleza ▯▯ matumba", n'kuthera pomwepo. Simukudziwa ngati akufuna yureya kapena wokulitsa, ndiponso matumba angati.

Musanayankhe, dziwani chimene chachitika. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukalowa kachithunzi ka nkhope yoseka kapena chilembo cha ŵ, malirewo amatsika kufika pa 70. Uthenga wopitirira pamenepo umayenda m'zidutswa, ndipo chidutswa china chimatha kuchedwa kapena kusowa m'njira. Timabokosi tija ndi tizithunzi kapena zilembo zimene foni yanu yalephera kuonetsa. Chachikulu n'chakuti pa foni ya mwini wake uthengawo ukuoneka wathunthu, ndiye iye akungodikira kuti mwamusungira katundu.

Choncho choyamba, muuzeni zimene zafika kwa inu, mawu ake enieniwo. Mukangolemba kuti "Sindinamve", iye sadziwa pamene pavuta. Amatumizanso uthenga womwewo, n'kufikanso woduka chimodzimodzi, mayunitsi n'kumangotha. Koma akaona pamene mawu ake adukira, amangowonjezera chosowacho.

Chachiwiri, mupatseni njira ziwiri zopitirizira, zonse zosavuta. Imodzi ikhale yosamudyera ndalama, chifukwa mwina mayunitsi amene anali nawo ndi omwe watumizira uthenga uja. Yankho lingakhale lotere:

"Zikomo bambo. Kuno kwangofika 'Mundisungire feteleza', kenako timabokosi. Lembani mtundu wake ndi matumba angati, kapena flashani ndikuyimbireni."

Yankholi silikupitirira zilembo 160 ndipo mulibe kachithunzi, choncho lipita ngati SMS imodzi. Kufupikaku n'kofunika kwambiri. Mukayamba kupepesa nthawi yaitali ndi kufotokoza za netiweki, uthenga wanunso ungadukire panjira, ndipo funso lenileni, lomwe nthawi zambiri limakhala kumapeto, ndilo lingasowe. Samalaninso kuti mawu anu asamveke ngati mukumunena kuti sadziwa kulemba. Kunena kuti "kuno kwangofika" kumaika vuto pa foni, osati pa munthu.

Chimene sindikufuna muchite ndi kulota. Mukasunga matumba awiri a yureya pomwe iye amafuna khumi a wokulitsa, adzabwera ndi ngolo kuchokera kutali n'kupeza katundu watha. Musapatule katundu kapena kumuuza kuti atumize ndalama mpaka mtundu ndi chiwerengero zitamveka.

Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wodzaza ndi mphepo kapena phokoso la pamsika muuchite chimodzimodzi. Nenani kuti mwamva "Lachisanu" ndi "matumba", koma kuyambira pa sekondi 10 mawu aphimbika, ndipo mupempheni ajambulenso pamalo abata kapena alembe. Akakhala chete mpaka madzulo, muyimbireni kamodzi, chifukwa n'kutheka kuti yankho lanu silinamufike.