Njoka yobiriwira mumtengo wa mango

"Ndajambula njoka yobiriwira mumtengo wa mango kwathu ku Chelston. Kodi ndi yaululu?"

Achimwene, kubiriwirako kusakunamizeni. Bumusilangi, njoka ya m'mitengo yaululu woopsa, yaimuna imakonda kukhala yobiriwira koma yaikazi imakhala yofiirira. Palinso njoka zambiri zobiriwira zosavulaza munthu.

Choyamba, kulitsani chithunzicho pamutu. Bumusilangi ili ndi mutu waufupi ngati dzira, ndi maso aakulu kwambiri poyerekeza ndi mutuwo. Kanjoka kobiriwira ka m'maluwa kamakhala ndi mutu wowonda, ndipo kawirikawiri kali ndi timadontho takuda kuyambira m'khosi kufika pakati pa thupi.

Kenako onani khungu la pamsana. Mamba a bumusilangi ali ndi kamzere kotukuka pakati, choncho khungu limaoneka lokhakhala. A kanjoka kaja ndi osalala.

Mukatero yerekezani kutalika ndi nthambi kapena njerwa yomwe ili pachithunzi. Bumusilangi yaikulu imafika mita imodzi ndi theka.

Ngati mutu sukuoneka bwino, chonde musayandikire kuti mujambulenso. Itengeni ngati yaululu, chotsani ana pansi pa mtengowo, muitane odziwa kugwira njoka.