Momwe mungafotokozere kontilakitala za baluni, kulandidwa galimoto ndi kubweza ngongole msanga

Yambani ndi funso loti mwini galimoto ndi ndani. Pa mgwirizano wogula molipira pang'onopang'ono, lole imakhalabe ya wobwereketsa ndalama mpaka tambala yomaliza italowa. Zina zonse zikuchokera pamenepa.

Kenako tengani pepala, muwerengere limodzi. Tiyerekeze lole ya matani atatu ya K30,000,000. Kontilakitala apereka K6,000,000 poyamba, yotsala K24,000,000 alipira miyezi 36 pa chiwongoladzanja cha 2.5 peresenti pamwezi pa ndalama yotsalayo. Popanda baluni, mwezi uliwonse ndi pafupifupi K1,019,000. Akasankha baluni ya K6,000,000, kutanthauza chindalama chomwe amachisiya kuti adzalipire kamodzi kumapeto, pamwezi imatsika kufika K914,000.

Apa m'pomwe ambiri amakodwa. Baluniyo imabereka chiwongoladzanja miyezi yonse 36, ndiye pomaliza amakhala atalipira K38.9 miliyoni m'malo mwa K36.7 miliyoni, kupatula K6,000,000 yoyamba ija. Pamwezi apepukidwa ndi K105,000 yokha, koma kuti K6,000,000 idzapezeke tsiku lake ayenera kumasunga K167,000 mwezi ndi mwezi. Afunseni kuti ndalamayo idzachokera kuti. Akayankha kuti adzagulitsa loleyo, akumbutseni kuti si yawo, ndipo lole yomwe yatuta mchenga ndi njerwa zaka zitatu mtengo wake umakhala utagwa.

Mukafika pa kulanda, werengani nawo ndime yake mokweza: kuphonya kangati, kalata yochenjeza imapereka masiku angati. Kontilakitala amalipidwa mochedwa, ndipo nthawi ya mvula ntchito imaima, koma tsiku lolipira silisuntha. Onaninso zifukwa zina zomwe mapangano ambiri amalemba, monga inshuwalansi kutha, kubwereketsa galimoto, kapena kuitulutsa m'dziko popanda kalata ya chilolezo. Chowawa n'chakuti kulandidwa sikuthetsa ngongole. Ikagulitsidwa K12,000,000 pomwe ngongole ndi zolipirira olanda zakwana K15,000,000, nthawi zambiri K3,000,000 yotsalayo wobwereketsa adzaifunabe. Ndalama zikachedwa, alembere wobwereketsa tsiku lisanakwane, ataphatikiza umboni wa ntchito yomwe sanalipidwe.

Zobweza msanga n'zosavuta. Asaphatikize okha miyezi yotsala. Pakatha miyezi 24, miyezi 12 yotsala ndi baluni zimakwana K17 miliyoni, koma kuchotsa chiwongoladzanja cha miyezi yomwe sinafike, ngongole yeniyeni ndi pafupifupi K13.8 miliyoni. Apemphe chiwerengerocho pakalata yosonyeza tsiku lomwe chithere ntchito, ndipo afunse ngati pali chindapusa. Akalipira, atenge kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, apite nayo kukasintha mapepala a galimoto kuti dzina la wobwereketsa lichokepo.