Kalata yachiwiri kwa eni nyumba pa za denga lodontha

Denga la nyumba imene ndikuchita lendi linayamba kudontha mvula itangoyamba. Ndinalembera eni nyumba mwaulemu, koma sanayankhe. Apa ndinafunika kusankha: kalata yachiwiri ikhale yaukali kapena yofatsa?

Ndisanalembe, ndinafufuza kaye ngati yoyamba ija inafika. Mnyamata wotolera ndalama za lendi anandiuza kuti anaipereka m'manja mwawo. Izi zinandithandiza kusankha. Ikanakhala kuti sinafike, ndikanangoitumizanso momwe inalili, chifukwa kukalipira munthu amene sanamve dandaulo lako ndi kumulakwira. Koma iwo anailandira, ndiye kubwereza mawu opempha omwe aja kukanawapatsa maganizo oti nkhaniyo ingadikire.

Choncho ulemu ndinausiya momwe unalili. Ndinayamba ndi "Bambo", ndi kuwalonjera, popeza ndi munthu wamkulu ndipo ndikhalabe m'nyumba yawo. Chimene ndinalimbitsa ndi nkhaniyo. Ndinatchula tsiku la kalata yoyamba, ndinafotokoza kuti madzi akulowera pa malata awiri a kuchipinda chogona ndipo siling'i yayamba kufufuma, ndi kuikapo zithunzi. Mawu akuti "mukapeza mpata" ndinawachotsa, m'malo mwake ndinalemba kuti, "Ndikupempha kuti mmisiri abwere pasanafike Loweruka. Ngati nkovuta, mundilole mwa kalata kuti ndikonzetse ndekha, ndalamazo tichotsere pa lendi."

Zoopseza kuti ndisiya kulipira sindinalembe, chifukwa zikanawapatsa chifukwa chonditulutsira m'nyumba. Anandiimbira foni, ndipo tinagwirizana zochotsera pa lendi. Malisiti a malata ndi misomali ndinawapatsa.