Akaunti ya madola inakana kubalansa pa 31 Disembala

Ndimasunga mabuku a kakampani kogula soya kuno ku Chipata, ndipo tili ndi akaunti ya madola chifukwa kasitomala wina amatilipira m'madola. Chaka chitatha sitetimenti ya banki inaonetsa $10,000, m'leja munali K250,000 popeza ndalamayo inalowa reti ili K25. Koma nditachulukitsa ndi reti ya Banki ya Zambia ya tsiku lomalizalo, K27.50, panatuluka K275,000, ndiye ndinatha masiku awiri ndikusakasaka dipoziti ya K25,000 yomwe mwina ndinaiwala kulemba, mutu kuwawa, osaipeza.

Kunalibe dipoziti. Madola ndi omwewo, kwacha ndiyo inagwa. Lamulo la kasungidwe ka mabuku lotchedwa IAS 21 limati ndalama zakunja zomwe zili kubanki uziwerengenso pa reti yotsekera chaka, kusiyanako kupite ku phindu kapena kuluza. Ndinalemba jenala iyi:

```
Dr Bank USD                  25,000
Cr Unrealised exchange gain  25,000
```

Chofunika apa, jenalayi isunthe mbali ya kwacha yokha, madola akhalebe 10,000. Poyamba ndinailowetsa ngati risiti, sisitimu inawonjezera madola ndipo rikonsilieshoni inasokonekeratu, mpamene ndinazindikira.

Abwana ataona phindulo anati tigulire matumba. Ndinawauza kuti ayi bwana, sitinasinthe dola ngakhale imodzi, kwacha ikalimba mu Januwale phinduli lichepa kapena kutheratu. Nchifukwa chake ndinalipatsa akaunti yakeyake, osalisakaniza ndi malonda a soya.