Mukafuna kuyamikira munthu, tchulani chimene wachita

Tikakumana pachilanga mulilo kapena potuluka m'tchalitchi kuno ku Lusaka, mawu amene amatitulukira msanga ndi akuti "mwatchena!" Si oipa ayi. Koma mwini wake amangoyankha kuti "ndi salaula chabe ya ku City Market," nkhani yathera pomwepo, chifukwa ulemuwo wapita kwa nsaluyo ndi kwa telala.

Yesani njira iyi. Tchulani chinthu chimodzi chimene mwaona ndi maso anu, kenako nenani chimene chakuchitirani inuyo.

Mlamu wanga amagulitsa tomato ku Soweto Market. Tsiku lina ndinaona mayi wina atabweza tomato wophwanyika uku akukalipa. Mlamu sanakweze mawu, anangomusankhira wina nkumuikira mbasela. Madzulo tikusenda anyezi ku Matero ndinati, "Alamu, mmene munawayankhira amayi aja ndaphunzirapo kanthu. Ine ndikanapsa mtima." Anasiya mpeni, nkukhala chete pang'ono, kenako anayamba kundifotokozera mmene kudziletsako kumamuvutira.

Mawuwo anamufika pamtima chifukwa nkhope munthu amabadwa nayo, pomwe kuleza mtima kuja anachita kusankha, ndipo kunamuwawa. Anadziwanso kuti wina amamuonadi.

Koma pewani mawu onga akuti "ndinu munthu wabwino" popanda chitsanzo, amamveka ngati chiyambi chopempha ngongole. Mukaona munthu akuyankha "zikomo" mofulumira uku akudikira kuti munene chimene mwadzera, dziwani kuti simunatchule chenichenicho. Ndipo ngati mulidi ndi pempho, lisungeni tsiku lina.