Mnzako akakwezedwa pa udindo womwe nawenso umaufuna

Chaka chatha tinafunsira awiri udindo wa woyang'anira nthambi, ine ndi mnzanga amene tagwira limodzi ntchito zaka 6. Anamusankha iye.

Ndinalakwa chinthu chimodzi: ndinakhala chete masiku atatu. Mu ofesi anthu amaona, ndipo tsiku lachiwiri mphekesera zinali zitayamba kale zoti ndakhumudwa. Choncho musadikire kuti mtima uyambe wakhala pansi. Usiku umodzi ndi wokwanira, m'mawa mwake pitani mukamuone maso ndi maso. Kachithunzi ka kuwomba m'manja pa gulu la WhatsApp sikakwanira.

Chovuta ndi choti mukanene chiyani. Osanama kuti "ine sindinkaufunanso kwenikweni," pakuti amadziwa kuti munalemba kalata. Osanenanso kuti "mwachita mwayi," chifukwa m'makutu mwake zimamveka ngati sanayenere. Fufuzani chinthu chimodzi chenicheni chimene iye amakuposani, munene chimenecho. Ine ndinagogoda, ndinamugwira chanza n'kunena kuti, "Achimwene, mafuno abwino. Mukudziwa kuti nanenso ndinaufuna, ndipo zandiwawa pang'ono. Komabe momwe munakonzera malipoti a kumapeto kwa mwezi aja, mwayenera." Kenako ndinatuluka, pasanathe mphindi ziwiri. Mukakhalitsa mumayamba kudandaula, ndiye mnzanuyo amasanduka wokupepesani pa tsiku lake lachimwemwe.

Funso loti inuyo munaperewera pati kafunseni abwana, panokha, pakatha sabata kapena awiri. Kwa wokwezedwayo ayi.

Pa msonkhano wake woyamba ndinafika nthawi yabwino, lipoti langa lili m'manja. Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu.